Chigayo chitseka liti? Kalembedwe ka chidziwitso cha nthawi ya Khirisimasi

Khirisimasi ya 2026 igwera Lachisanu. Tsiku lotsatira, pa 26 Disembala, lomwenso ndi tchuthi cha boma m'Malawi, ndi Loweruka, ndipo Chaka Chatsopano cha 2027 chidzalowanso Lachisanu. Banja lililonse lomwe lili ndi okala pakhonde, chigayo kuseri kwa nyumba, malo ometera kapena kakhumbi kotumizirapo ndalama za Airtel Money ndi Mpamba lidzasintha nthawi zake m'masiku amenewo. Ena adzaweruka msanga kuti akagule nkhuku, ena adzapita kumudzi, ena adzakhala kutchalitchi tsiku lonse. Kusinthako si vuto. Vuto ndi mayi amene wasenza ndowa ya chimanga kuchokera tsidya la mtsinje, mvula ili m'mwamba, n'kupeza loko pachitseko, pamene pepala lomatidwa pamenepo analiwerenga masiku atatu apitawo ndipo anamva zina.

Kabuku kano kakutsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi banja longoyerekeza, lokhala ndi chigayo chamagetsi pamalo ena ochitira malonda, lomwe masiku onse limagaya kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Masiku ndi madeti ake ndi enieni, a kalendala ya 2026.

Chomwe banja lidagwirizana, ndi chomwe lidalemba

Bambo ndi mayi a pakhomopo agwirizana chonchi: Lachinayi pa 24 chigayo chiyamba nthawi yake koma chizima 2 koloko masana. Pa 25 ndi pa 26 sagaya, chifukwa wogayitsa wawo akupita kwawo ndipo iwonso ali ndi alendo. Pa 27 ndi Lamulungu, tsiku lomwe sagaya n'kale. Lolemba pa 28 ayambiranso. M'mitu mwawo nkhaniyi ndi yomveka ngati masana.

Kenako aitana mwana wawo wa Fomu 3, wolemba bwino pakhomopo, Lachitatu madzulo, n'kumuuza kuti alembe chidziwitso chomata pachitseko komanso choika pa WhatsApp. Mwanayo, pofuna ulemu, walemba motere:

"Chidziwitso kwa makasitomala athu onse okondedwa. Chifukwa cha zikondwerero za Khirisimasi, mawa titseka msanga ndipo sititsekula mpaka Lasabata. Tikufunirani zabwino zonse ndipo zikomo potigula."

Chichewa chake n'chabwino. Palibe mphunzitsi amene angachichonge cholakwa. Koma m'mizere iwiriyi muli misampha yosachepera isanu, ndipo wogwamo ndi kasitomala.

Msampha woyamba ndi "mawa". Mawu amenewa amakhala oona tsiku limodzi lokha, tsiku lomwe alembedwa. Pepala pachitseko silisintha tsiku likasintha, ndiye wodutsa Lachinayi m'mawa awerenga kuti "mawa", n'kuganiza kuti chigayo chitseka msanga Lachisanu, ndipo lero angathe kubwera 4 koloko monga mwa masiku onse. Pa foni zinthu zimaipiraipira. Uthenga ukatumizidwa ku gulu la mpingo, wina n'kuupititsa ku gulu la banki m'khonde tsiku lotsatira, umafika ndi nthawi yomwe waupititsayo wautumiza, osati yomwe mwini chigayo adaulemba. N'chimodzimodzi "lero", "mkuja", "sabata ino" ndi "Lolemba likubwerali". Onsewa ndi mawu a pakamwa, oyenera anthu awiri oyang'anizana.

Palinso china chomwe Chichewa chili nacho chokha. "Mawa" ndi "m'mawa" amasiyana ndi chilembo chimodzi ndi kamtengo kapamwamba, ndipo ambiri polemba pa foni kapena ndi makala pakhoma amasiya kamtengoko, ena amasiyanso m mmodzi. Tsono "titsegula mawa" angakhale akunena za tsiku lotsatira kapena za nthawi ya kum'mawa. Njira yake ndi yakuti "m'mawa" asaime yekha. Atsatane ndi ola nthawi zonse, monga "6 koloko m'mawa", ndipo "mawa" asapezeke m'chidziwitso n'komwe.

Msampha wachiwiri ndi "msanga". Kwa mwini chigayo ndi 2 koloko. Kwa amene amazolowera kubwera 5 koloko itayandikira, msanga ndi 4 koloko. Ola likapanda kulembedwa, aliyense amaikapo lomukomera.

Lasabata la ndani?

Msampha wachitatu ndi waukulu kuposa onse, ndipo uyenera kuukhalira pansi. Kwa Mkhristu wa CCAP kapena wa mipingo ina yambiri, "Lasabata" kapena "tsiku la Sabata" ndi lomwe ena amalitcha Lamulungu. Kwa wa mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe uli m'dziko muno kuyambira 1902 pa mishoni yomwe lero ndi Malamulo ku Thyolo, Sabata ndi Loweruka, ndipo imayamba dzuwa likalowa Lachisanu. Pamwamba pa izi, mawu omwewo akuti "sabata" amatanthauzanso masiku asanu ndi awiri, omwe ena amati mlungu. Choncho "sititsekula mpaka Lasabata" munthu wina amva Loweruka pa 26, wina amva Lamulungu pa 27, ndipo wowerenga mothamanga angamve kuti chigayo chatsekedwa kwa sabata yathunthu, n'kukagayitsa kwina. Banjali lataya kasitomala pa tsiku lomwe linali lotsegula. Dzina lomwe silisokoneza aliyense ndi "Lamulungu", ndipo la tsiku linalo ndi "Loweruka".

Ngakhale dzina la tsiku litakonzedwa, "mpaka" amatsalabe. Uwu ndi msampha wachinayi. "Tatseka mpaka pa 27" angatanthauze kuti pa 27 chitseko chitseguka, kapena kuti 27 ndi tsiku lomaliza kutseka. Anthu a m'nyumba imodzi akafunsidwa amagawikana, ndipo mbali zonse ziwiri zikunena zoona pa Chichewa. Pa maola "mpaka" savuta kwenikweni, chifukwa "mpaka 2 koloko" aliyense amamva kuti 2 koloko ikakwana basi. Pa masiku ndi pomwe amaluma. Mankhwala ake ndi awiri ogwira limodzi: kutchula tsiku lililonse lotseka palokha, ndiponso kulemba poyera tsiku ndi ola lotseguliranso. Kasitomala safuna kwenikweni kudziwa kuti banja lipuma masiku angati. Funso lake ndi lakuti abwere liti, ndipo mzere woyankha funso limeneli sungasiyidwe kuti auwerengetsere yekha.

Dzina la tsiku ndi deti ziyende limodzi, monga "Lolemba 28 Disembala". Pali anthu omwe amasunga masiku ndi mayina ake, kutsatira tsiku la msika ndi la mapemphero, ndipo pali ena omwe amasunga ndi madeti, kutsatira malipiro. Zonse ziwiri zikalembedwa, aliyense amapeza chake, komanso chimodzi chimachitira umboni chinzake. Wolemba ayang'ane pakalendala yeniyeni ya chaka chimenecho asanalembe, chifukwa kukopera pepala la chaka chatha kumalakwitsa: mu 2025 Khirisimasi inali Lachinayi, mu 2026 ndi Lachisanu, ndipo mu 2027 idzakhala Loweruka. Dzina ndi deti zikasemphana, wowerenga sadziwa chokhulupirira ndipo pepala lonse lagwa.

Mayina a masiku asadulidwe. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amayamba ndi "Lachi", ndipo Lolemba ndi Loweruka onse amayamba ndi "Lo". Wofuna kusunga malo papepala adule mawu a moni, osati awa. Mwezi nawo ulembedwe ndi dzina. Pakati pa Disembala ndi Januwale, kulemba "2/1" kumasiya wina akuganiza za 1 Febuluwale, makamaka amene foni yake imayamba ndi mwezi poonetsa deti.

Kutseka ndi kutsekula

Msampha wachisanu uli m'maso. "Titseka" ndi "titsekula" ndi mawu otsutsana, koma zilembo zawo zisanu ndi chimodzi zoyambirira n'zofanana. "Titsekula" ndi "sititsekula" nawonso amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha kumayambiriro, pamalo pomwe pepala limayamba kupindika, pomwe msomali umabowola, kapena pomwe chithunzi chojambulidwa ndi foni chimadukira. Munthu wodutsa pa njinga sawerenga chilembo ndi chilembo. Amaona maonekedwe a mawu n'kumalizitsa yekha.

Kulemba "kutsegula" ndi g kumathandizako pang'ono. Koma njira yabwino koposa ndi kusiyiratu awiriwa kuti asakumane. Tsiku lotseka lilembedwe "KOTSEKA". Tsiku logwira ntchito lilembedwe ndi mneni wa ntchitoyo: chigayo chiti "TIGAYA", wometa ati "TIMETA", okala iti "TIGULITSA", telala ati "TISOKA". Palibe amene angasokoneze "KOTSEKA" ndi "TIGAYA", ngakhale ataona pepala ali kutsidya kwa msewu. Ngakhale wosadziwa bwino kuwerenga amazindikira msanga kuti awa ndi mawu awiri osiyana, ndipo akauzidwa kamodzi amawagwira.

Ziganizo zokana nazo zichepe. "Sititseka pa 28" ndi zoona, koma m'mutu mwa wowerenga mumatsala "tseka" ndi "28" zitagundana. "Lolemba 28 Disembala: TIGAYA" akunena zomwezo popanda kupotoloza.

Ola ndi mbali ya tsiku

Ola lililonse likhale ndi mnzake: m'mawa, masana, madzulo kapena usiku. Kwa chigayo, "6 koloko" yokha ingaoneke yomveka, koma kwa okala yomwe masiku ena imatseka 6 koloko madzulo ndipo imatsegula 6 koloko m'mawa, mawuwo akasowa palibe chomwe chanenedwa. Zilembo za "am" ndi "pm" si onse amazitsata, ndipo 12 koloko imasokoneza ngakhale ophunzira. Banja lomwe likufuna kuweruka pakati pa tsiku lilembe "12 koloko masana", kapena lisankhe 1 koloko kuti lipewe zonsezo. Kawerengedwe ka 14:00 kamadziwika kwa oyenda pa basi zikuluzikulu ndi a m'maofesi, koma pachitseko cha chigayo "2 koloko masana" amafika kwa anthu ambiri.

Polemba pamanja, 1 ndi 7 azisiyana bwino. Pepala lonena kuti chigayo chiyamba 7 koloko, 7 wake wooneka ngati 1, lauza anthu kuti abwere masana.

Chigayo chili ndi vuto lina lomwe okala ilibe, ndilo mzere. Wogula sopo akalowa 2 koloko isanakwane amathandizidwa m'mphindi imodzi. Kasitomala wa chigayo akafika mphindi zisanu 2 koloko isanakwane, n'kupeza matumba khumi patsogolo pake, tsiku lomwe mudzi wonse ukufuna ufa wa alendo, amakhulupirira kuti wafika nthawi yake, pamene wogayitsa akuyang'ana wotchi kuti akwere minibasi. Apa ndi pomwe pamabuka phokoso. Banja lachitsanzoli lathana nazo polemba maola awiri: lozimitsa chigayo ndi lomaliza kulandira chimanga. Lasankha kusiya ola lathunthu pakati, 1 koloko ndi 2 koloko. Malo ometera, saluni ndi wotumiza ndalama amene amafunika kuwerengera ndalama asanatseke angachite chimodzimodzi, aliyense potengera kutalika kwa mzere wake tsiku lotanganidwa.

Chidziwitso chitakonzedwa

Mwana uja wapatsidwanso bolopeni, kalendala ili patebulo. Ulendo uno zatuluka motere:

CHIGAYO: NTHAWI ZA KHIRISIMASI 2026
Lachinayi 24 Disembala: TIGAYA 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana
(chimanga chomaliza tilandira 1 koloko masana)
Lachisanu 25 Disembala: KOTSEKA
Loweruka 26 Disembala: KOTSEKA
Lamulungu 27 Disembala: KOTSEKA
Lolemba 28 Disembala: TIGAYA 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, monga mwa masiku onse
Zikomo, Khirisimasi yabwino.

Tsiku lililonse lili ndi mzere wake, ndipo mizere yonse yamangidwa mofanana: tsiku, deti, kenako yankho. Diso limangotsika kufunafuna tsiku lomwe munthu akufuna kubwera. Lamulungu lalembedwa ngakhale chigayo sichigaya Lamulungu n'kale, chifukwa kulumpha kuchoka pa 26 kufika pa 28 kumasiya mpata, ndipo pa nyengo yomwe zonse zasintha wina angaganize kuti atsegula Lamulungu pobweza masiku omwe anatseka.

Mzere wa Lolemba uli ndi ntchito yapadera chaka chimenechi. Ku Malawi tchuthi cha boma chikagwera kumapeto a sabata, chizolowezi n'chakuti anthu amapuma Lolemba lotsatira. Popeza 26 Disembala 2026 ndi Loweruka, ambiri adzayembekezera kuti maofesi ndi mabanki adzakhala otseka Lolemba pa 28, ndipo adzaganiza kuti chigayo nachonso chatseka. Bizinesi ya pakhomo imasankha yokha, koma iyenera kunena chomwe yasankha. N'chifukwa chakenso mawu akuti "tidzatseka masiku a tchuthi" sathandiza. Amamupatsa kasitomala ntchito yofufuza kuti boma lalengeza masiku ati, komanso ngati banjalo likutsatira boma.

Dzina la bizinesi ndi chaka zili pamwamba pazifukwa zomveka. Chithunzi cha pepala chikayenda m'magulu a pa foni chimachoka pachitseko pomwe chinamatidwa, ndipo popanda dzina anthu sadziwa kuti n'chigayo chiti mwa zitatu za pamsikapo. Banja lililonse liikepo dzina lomwe anthu amalitchulira chigayocho, ngakhale lisakhale lomwe lili pa laisensi. Chaka chimateteza ku chithunzi chakale chomwe wina angachifukule m'foni Disembala wotsatira.

Mafuno abwino sadatayidwe, angotsikira pansi. Ena a m'banjamo angadandaule kuti kuyamba ndi madeti popanda moni n'kusowa ulemu, ndipo dandaulo limeneli si lachabe pa chikhalidwe chomwe munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Koma pa Facebook ndi pa WhatsApp uthenga wautali umaonetsedwa mizere yoyambirira yokha, yotsalayo n'kubisika kuseri kwa "See more" kapena "Read more", ndipo ambiri sadinapo. Moni akatenga mizere yoyambayo, chomwe chabisika ndi madeti. Wofuna moni pamwamba amupatse mawu awiri okha.

Chifukwa chotsekera sichidalembedwe, ndipo ndi dala. Aliyense akudziwa kuti ndi Khirisimasi. Kulemba kuti "tapita kumudzi tonse" n'kuuza wakuba kuti pakhomo palibe munthu kwa masiku atatu.

Nanga za Chaka Chatsopano? Banjali lidzatsekanso Lachisanu pa 1 Januwale 2027 n'kugaya Loweruka pa 2. Lingathe kuwonjezera mizere iwiri papepala lomweli, koma pepala la mizere khumi anthu amaliwerenga mwa apo ndi apo. Kuli bwino kuchotsa loyambalo Lolemba pa 28 m'mawa n'kumata lachiwiri la mizere itatu: Lachinayi 31 Disembala, Lachisanu 1 Januwale ndi Loweruka 2 Januwale. Okhala ndi makasitomala ochokera kutali, obwera kamodzi pa sabata ziwiri, ndi okhawo omwe ali ndi chifukwa chophatikizira zonse pamodzi.

Tsiku lomata

Kulemba Lachitatu madzulo kunali kuchedwa, ndipo aliyense amene anapangapo ufa woyera akudziwa chifukwa chake. Mgaiwa ndi ulendo umodzi wa kuchigayo. Ufa woyera ndi maulendo awiri: kukonola, kenako kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, n'kubwereranso kukagayitsa, ufawo n'kuwuyanikanso. Mu Disembala mvula imalanda dzuwa, ndipo kuyanika komwe mu Okutobala kumatha tsiku limodzi kungatenge masiku awiri kapena atatu. Mayi wofuna nsima yoyera ya alendo pa 25 amayamba ntchitoyi pafupifupi sabata yathunthu Khirisimasi isanafike. Akamva pa 23 kuti chigayo chizima 2 koloko pa 24, mphale yake ikadali yonyowa pamphasa, chidziwitsocho sichimuthandizanso kanthu.

Choncho pepala la chigayo limatidwe pofika Lolemba pa 14 Disembala, kuti wobwera kudzakonola aliwone ndipo awerengere ulendo wake wachiwiri. Okala yogulitsa mchere ndi mafuta ingakwanitse ndi masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Telala, amene nsalu za Khirisimasi zimamuunjikira, afunika kulengeza msanga kuposa onsewa, ndipo mzere wake wofunika kwambiri ndi wa tsiku lomaliza kutenga zovala. Muyeso wake ndi umodzi: nthawi yomwe imadutsa pakati pa maulendo awiri a kasitomala wanthawi zonse.

Pepala lenilenilo lipirire nyengo. Inki ya maka ena imasungunuka ikangonyowa, ndipo 24 amasanduka chibanga. Lilembedwe ndi maka osafufutika pakatoni kapena papepala lolimba, lilowetsedwe m'pulasitiki yoonekera, kukamwa kwa pulasitikiyo kuyang'ane pansi kuti madzi asalowe. Limatidwe kunja kwa chitseko, pomwe lionekabe chitseko chitatsekedwa. Ambiri amamata mkati pafupi ndi sikelo kapena pakauntala, pomwe limathandiza masiku otsegula okha. Abwino ndi mapepala awiri ofanana ndendende, lina mkati polipirira, lina kunja.

Pa foni

Mawu a pa foni akhale omwewo a pachitseko. Kusiyana pang'ono, pepala likuti 2 koloko pamene foni ikuti "masana", kumabweretsa mkangano womwe mwini bizinesi sangapambane.

Pali zinthu zitatu za foni zoyenera kudziwa. Choyamba, zoikidwa pa Status ya WhatsApp zimafufutika pakatha maola 24, ndiye woika kamodzi pa 14 afikira okhawo omwe anali ndi bandulo tsiku limenelo. Ziikidwenso kangapo, makamaka pa 21 ndi pa 23. Popeza mulibe "mawa" kapena "lero", uthenga womwewo ungabwerezedwe osasintha kanthu. Chachiwiri, anthu ambiri amatseka zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, ndipo chithunzi chosatsitsidwa chimangooneka mbuu. Madeti akakhala m'chithunzi mokha, iwowa saona kanthu. Alembedwenso ngati mawu pansi pa chithunzicho, kapena atumizidwe opanda chithunzi n'komwe. Chachitatu, amene amagwiritsa ntchito WhatsApp Business, kapena amene bizinesi yake ili pa Facebook kapena Google Maps, ali ndi malo pomwe analembapo maola ogwirira ntchito. Akapanda kusintha pamenepo, foni ipitiriza kuuza anthu kuti chigayo chili chotsegula Loweruka pa 26, motsutsana ndi chidziwitso chake chomwe.

Kwa makasitomala a mafoni ang'onoang'ono a mabatani, monga ogulitsa zitumbuwa ndi ophika m'malesitilanti omwe amagayitsa zambiri, uthenga wamba wa SMS ndiwo umafika. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Chidziwitso chija chikafupikitsidwa chimakwana:

"Chigayo: Lachinayi 24 Disembala tigaya 6 m'mawa mpaka 2 masana. Pa 25, 26 ndi 27 Disembala KOTSEKA. Tiyambanso Lolemba 28 Disembala, 6 koloko m'mawa."

Kuikamo kachithunzi ka mtengo wa Khirisimasi, kapena chilembo cha ŵ, kumatsitsa malirewo kufika pa zilembo 70. Zikatero uthengawo umagawika zidutswa zitatu, mtengo wake umakwera, ndipo pa foni zina zakale zidutswazo zimafika padera.

Kuyesa pa munthu

Wolemba sangaone msampha wake, chifukwa yankho ali nalo kale m'mutu. Pepala lisanamatidwe lipatsidwe kwa munthu amene sanalipo pokambirana, monga neba, wogulitsa tomato pafupi, kapena mwana wa Sitandade 5. Kumufunsa kuti "mwamva?" n'kutaya nthawi, chifukwa mwaulemu ayankha kuti wamva. Afunsidwe mafunso okhala ndi yankho limodzi. Mutabwera Loweruka m'mawa, mugayitsa? Mutafika hafu pasiti 1 Lachinayi ndi thumba, alandira? Tsiku loyamba kugaya Khirisimasi ikatha ndi liti? Akayankha molakwa, kapena akayamba ndi "ndiye kuti mwina", cholakwa chili papepala, ndipo mzere umenewo ulembedwenso. Chidziwitso choyamba chija chikadagwa pa funso loyamba lomwe.

Pepala silifika kwa onse. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu khumi azaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi atatu sadziwa kuwerenga, ndipo pa mzere wa chigayo cha kumudzi agogo ndi ana otumidwa ndi ambiri. Wogayitsa ndi wolandira ndalama auzidwe mawu amodzi oti azinena kwa aliyense popereka chenji, kuyambira tsiku lomwe pepala lamatidwa: Lachinayi la pa 24 tilandira mpaka 1 koloko, tikatero mpaka Lolemba m'mawa. Pakamwa munthu angafunse kuti Lolemba liti, n'kuyankhidwa pomwepo. Kumadera komwe anthu ambiri amalankhula Chiyao kapena Chitumbuka, mizere yomweyo ilembedwe kawiri, chilankhulo chilichonse pachokha, ndipo woilembayo akhale mwini chilankhulocho.

Zinthu zikasintha pepala litamatidwa kale, monga wogayitsa wavomera kubwera Loweruka, lakalelo lichotsedwe, lilembedwe latsopano. Kukhwatcha ndi kulemba pamwamba kumasiya mayankho awiri pamzere umodzi. Pa foni uthenga watsopano uyambe ndi mawu akuti "ZASINTHA" ndi deti lomwe wasinthidwa, chifukwa wakale uja ukadayendabe m'magulu. Za magetsi, omwe angathime tsiku lililonse, zisalowe m'chidziwitsochi. Makasitomala a chigayo amazidziwa kale, ndipo kuwonjezera "magetsi akakhalapo" pamzere uliwonse kumangofooketsa maola omwe alembedwa.

Kamangidwe komweka kagwiranso ntchito pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, lomwe mu 2027 ndi Lachisanu, komanso pa Pasaka. Nyengo imodzi yokha imafuna kusintha pang'ono, ndiyo Idi ya kumapeto kwa Ramadani, yomwe tsiku lake limadikira kuoneka kwa mwezi. Mwini shopu ku Mangochi kapena ku Machinga sangalembe deti limodzi motsimikiza sabata isanakwane. Alembe madeti awiri omwe Idi ingagwere, anene kuti atseka limodzi mwa awiriwo malinga ndi chilengezo cha mwezi, kenako apereke tsiku ndi ola lomwe shopu idzakhale yotsegula Idi itagwera kulikonse. Usiku womwe mwezi waoneka, achotse pepalalo n'kumata la deti limodzi.